Momwe mungafotokozere mayi za opaleshoni yotseketsa asanadinde chala pafomu

Mayi wina anandipeza pa sikelo mmawa wina wozizira wa mwezi wa June, kuno ku Dedza, atafunda zitenje ziwiri. Anadikira mpaka mzere utatha, kenaka anandiuza motsitsa mawu kuti: "Anesi, ndabwera kuti mudzanditsegule. Ndinakwatiwanso, ndiye abambowa akufuna mwana."

Nditatsegula bukhu lake lakuchipatala ndinapeza kuti anatseketsa zaka zitatu zapitazo, ndipo amene anamufotokozera nthawi imeneyo ndinali ine ndemwe. Fomu anadinda bwinobwino, mboni inasainanso. Koma ine ndinamuuza kuti "tikumangani machubu", ndipo iye anamva monga aliyense angamvere: chomanga chimamasulidwa.

Malangizo awa ndi a anamwino, azamba, madokotala ndi alangizi a zaumoyo amene amakonza kapena kuyankhula mawu ofotokozera wodwala asanavomereze chithandizo. Ndatenga opaleshoni imodzi yokha, yotseketsa amayi, chifukwa ndi pamene liwu limodzi lolakwika silikonzekanso. Masitepe ake mungawagwiritse ntchito pa opaleshoni ina iliyonse.

Zofunika kukhala nazo

- Fomu ya chilolezo, cholembera, ndi inki yodindira chala.
- Bukhu lakuchipatala la mayiyo.
- Chithunzi cha chiberekero chooneka machubu onse awiri. Ngati palibe, jambulani nokha papepala.
- Kachubu ka dilipi kosagwiritsidwapo ntchito, ulusi ndi sizasi.
- Mbale ya maso a chimanga 98 ndi nyemba zofiira ziwiri.
- Zitsanzo za njira zina zakulera: lupu, zoika pamkono, botolo la jakisoni, mapiritsi, makondomu.
- Malo oduka mphepo. Benchi ya pa sikelo pomwe amayi makumi atatu akumvetsera si malo ake.
- Mboni, ngati mayiyo sadziwa kuwerenga. Asankhe yekha.

1. Sankhani nthawi yoti mutu wake uli pamalo

Mawu abwino onenedwa pa nthawi yolakwika ndi ongotaya. Mayi woyembekezera amene akuganiza zotseketsa akangobereka, muyankhule naye ali ku sikelo, mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, kuti apite kunyumba akagonere nkhaniyo, n'kubweranso ndi mafunso. Opaleshoniyi imachitika m'masiku 7 oyambirira atabereka, chiberekero chikadali m'mwamba, kapena pakatha masabata 6. Choncho palibe chothamangira. Akaphonya nthawi yoyambayo, yachiwiri ilipo.

Chenjezo: musafunse chilolezo chotseketsa kwa mayi amene matenda ayamba, amene ali pa tirole kupita ku fiyeta, kapena amene wabayidwa kale mankhwala ogonetsa. Mayi amene wakhala maola khumi akubuula avomera chilichonse chomwe chili ndi mawu oti "simudzavutikanso chonchi". Chimodzimodzi amene wangopita padera kumene kapena mwana wake wangomwalira.

2. Yambani ndi kufunsa, musayambe ndi kulalikira

Musanatchule phindu kapena chiopsezo chilichonse, mufunseni: "Mayi, kumudzi munamvapo zotani za kutseketsa?" Mukatero khalani chete. Zimene ayankhe ndi zimene mawu anu akuyenera kukonza.

Mayankho ake sasiyana kwenikweni, kaya achokera ku Lobi, ku Mayani kapena kutsidya kwa malire ku Mozambique. Ena amati adokotala amatembenuza chiberekero, ndipo ukafuna mwana amakachibwezeretsa. Ena amati amachotsa chiberekero chonse. Ena amati ukatseketsa susambanso, magazi amangounjikana m'mimba mpaka kusanduka chotupa. Ndipo pali funso lomwe ambiri amaliopa kulitchula, loti kodi kuchipinda zinthu zidzakhala monga kale.

Funsaninso zaka zake, ana alipo angati, ndipo wamng'ono ndi wamkulu bwanji. Zakazo si zongolemba. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku America anapeza kuti mwa amayi amene anatseketsa ali ndi zaka 30 kapena kucheperapo, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anadzanong'oneza bombono, pamene mwa opitirira zaka 30 anali ochepa kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti wazaka 27 mumukanize. Zikutanthauza kuti ndi iyeyo mukhalitse pa sitepe yachinayi.

3. Fotokozani chimene chichitike m'thupi, ndi manja omwe

Apa ndi pomwe ambirife timagwera. M'kalasi tinaphunzira m'Chingerezi, ndiye tikafika pa wodwala timangotola liwu lililonse lomwe layandikira. Liwu loti "kumanga" lisiyeni. Ngakhale loti "kutseka", lomwe aliyense amalidziwa ndipo simungalipewe, lili ndi msampha wake, chifukwa chitseko chotseka chimatsegulidwa. Litchuleni, koma nthawi yomweyo muliperekeze ndi liwu loti "kudula".

Onetsani pachithunzi pomwe dzira limachokera, njira yomwe limadutsa, ndi pomwe limakumana ndi mbewu ya abambo. Kenaka tengani kachubu ka dilipi kaja, kapindeni, mumange ndi ulusi, mudule kachidutswa ndi sizasi, ndipo kachidutswako mumupatse m'manja. Ine ndimanena chonchi:

"Mayi, njira izi ndi ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Adokotala acheka pang'ono pamimba, kutalika kwake kosaposa chala chanu chaching'onochi. Akoka njira iliyonse, kenaka adula kachidutswa n'kukachotsa, monga ndachitira apamu. Chiberekero sachikhudza, sachitembenuza, sachichotsa. Chikhala pomwe chili."

Bala lake limakhala la masentimita 2 mpaka 5. Kwa amene wangobereka kumene limakhala mmunsi mwa mchombo, kwa enawo limakhala pachinena. Muuzeni malo ake enieni, aloze ndi chala chake.

Za ululu musaname. Nthawi zambiri opaleshoniyi imachitika munthu ali maso, atabayidwa mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo. Nenani kuti: "Mumva kubaya kwa jakisoni, kenaka pamalopo pachita dzanzi. Pamene akukoka njira zija mumva kukoka ndi kupotokola ngati cham'mimba cha kumwezi. Mukamva kupweteka kwambiri munene, awonjezera mankhwala." Mayi amene munamulonjeza kuti "simumva kanthu" akamva kukokako amadzidzimuka, amalimbitsa mimba, matumbo amabwera pabala, ntchito ya mphindi makumi awiri n'kukhala ya ola. Ndipo akabwerera kumudzi amakauza anzake kuti kuchipatala amanama.

4. Nenani mawu oti "mpaka kalekale", ndipo muwayese ndi mafunso owawa

Chiganizo ichi chikhale chachifupi, chopanda "mwina", chopanda "kwenikweni":

"Mukatseketsa simudzaberekanso moyo wanu wonse. Palibe kubwerera."

Wina angafunse kuti, nanga si kunja amalumikizanso? Zoona, opaleshoni yolumikiza ilipo, koma ndi yovuta, yodula, siipezeka m'zipatala zathu za m'maboma, ndipo ngakhale yachitika sikuti nthawi zonse imatheka. Mukafunsidwa yankhani zimenezo. Koma musaiyambitse nokha ngati chitonthozo, chifukwa pa zonse zomwe mwanena mayiyo adzasunga yomweyo.

Kenaka funsani mafunso atatu amene pachikhalidwe chathu satchulidwa wamba. Pepesani kaye. "Pepani mayi, sikuti ndikulosera zoipa, koma ntchito yanga ikundikakamiza kufunsa. Mwana wanu mmodzi atamwalira, mungafune kuberekanso? Banja litatha, kapena abambo atatisiya, inu n'kukwatiwanso, mwamuna watsopanoyo akufuna mwana, mungatani? Mwanayu mukuyembekezerayu atabadwa wodwala, maganizo anu angakhale omwewa?"

Funso lachiwirilo musalilumphe. Kuno ambiri ndi a chikamwini: mwamuna amabwera, banja likatha amanyamuka, wina amabwera, ndipo wobwerayo amafuna wake woti adzamutche dzina. Mayi uja wa zitenje ziwiri sindinamufunse funso limeneli, ndinachita manyazi.

Akayankha kuti "apo ndiye ndingaganize", musamukakamize ndipo musamuseke. Wakuuzani kuti akufuna njira yokhalitsa, osati yamuyaya. Pitani naye pa sitepe yachisanu ndi chiwiri.

5. Tchulani phindu loona, lochepa, lokhudza moyo wake

Phindu musalikometsere ngati mukutsatsa kabichi pa Lizulu. Zitatu kapena zinayi zakwana:

"Simudzayendanso ulendo wodzabayitsa jakisoni miyezi itatu iliyonse, kapena kupeza kuti mankhwala atha. Imayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. M'thupi mwanu simutsala mankhwala aliwonse. Kumwezi muzipita monga kale, ndipo kuchipinda palibe chisinthe, kwa inu ngakhale kwa abambo."

Ngati pali chifukwa cha thanzi lake, monga kuti anachitidwapo opaleshoni yobereka katatu, kapena magazi ake amathamanga kwambiri akakhala ndi pakati, chinenereni padera, monga nkhani ya iyeyo: "Kwa inu, mimba ina ikhoza kukhala yoopsa chifukwa chiberekero chili ndi zipsera zitatu." Amenewo ndi malangizo. Koma mawu oti "mukapanda kutseketsa mufa" ndi kuopseza, ndipo chala chodindidwa ndi mantha si chilolezo.

Pali kanthu kena kamene ambiri timaiwala. Mayi amene wakhala zaka zisanu pa jakisoni wa Depo mwina anasiya kusamba kalekale. Akatseketsa n'kusiya jakisoni, pakapita miyezi msambo umabwerera, nthawi zina wochuluka kuposa momwe akukumbukirira. Mukapanda kumuuziratu, adzanena kuti opaleshoni inamuvulaza m'kati. Muuzeni lero: "Msambo ukadzabwerera, chifukwa chake ndi kusiya jakisoni, osati kudula kuja."

6. Sanjani zoopsa m'magulu atatu, ndipo manambala muwaike m'mbale

Mukangowerenga mndandanda wa zoopsa mosasiyanitsa, kutupa kwa bala ndi imfa zimamveka zolemera mofanana. Wina amathawa, wina amangotseka makutu. Zigaweni: zochitika kawirikawiri, zochitika mwa apo ndi apo, ndi zosowa koma zazikulu. Chiopsezo chilichonse chinyamule zinthu ziwiri: adzachidziwa bwanji, ndipo adzatani.

"Zimene pafupifupi aliyense amamva: kupweteka ndi kutupa pang'ono pabala kwa masiku ochepa. Tikupatsani panado.

"Zimene zimachitikira ena ochepa: bala kutukusira kapena kutuluka magazi. Mukaona mafinya, bala lafiira ndi kutentha, kapena thupi latentha, bwerani tsiku lomwelo, musadikire tsiku lomwe takulemberani.

"Zimene zimachitika kamodzikamodzi koma ndi zazikulu: pocheka, matumbo kapena chikhodzodzo zikhoza kuvulala, magazi akhoza kutayikira m'kati, kapena thupi likhoza kudana ndi mankhwala a dzanzi. Zikatero pangafunike opaleshoni yaikulu, mwinanso kukutumizani kuchipatala chachikulu. Imfa chifukwa cha opaleshoni imeneyi ndi yosowa kwambiri, koma sindingakuuzeni kuti siingachitike."

Tsopano kulephera kwa njirayi. Mabuku a zakulera a bungwe la WHO amati m'chaka choyamba amayi pafupifupi 5 mwa 1,000 otseketsa amatenga pakati, ndipo pa zaka 10 amakhala pafupifupi 2 mwa 100. Musanene "mapelesenti awiri". Musanenenso manambala onse awiri nthawi imodzi, chifukwa kwa munthu wosazolowera, 5 mwa 1,000 imamveka yaikulu kuposa 2 mwa 100. Sankhani imodzi. Ine ndimatenga ya zaka khumi, chifukwa ndiyo yonena zoona zonse, ndiye ndimatulutsa mbale ija:

"Awa ndi amayi 100 amene atseketsa lero. Pakatha zaka khumi, chimanga chonsechi, amayi 98, sanatengenso pakati. Nyemba ziwirizi zatenga, chifukwa nthawi zina njira yodulidwa imadzilumikiza yokha. Sitingadziwiretu kuti nyemba ndi ndani."

Nenani mbali zonse ziwiri, 98 ndi 2. Mukatchula 98 yokha mukumukokera kuvomera, mukatchula 2 yokha mukumukokera kukana.

Samalani apa: mayi wochenjera adzati, "Ndiye kuti imabwerera!" Yankhani msanga kuti kulumikizana kumeneku ndi ngozi, si chinthu choti munthu angachidalire kapena kuchipempha.

Ndipo ngoziyo ili ndi mano. Mwa mimba zochepa zomwe zimabwera munthu atatseketsa, pafupifupi imodzi mwa zitatu imakhala m'chubu, osati m'chiberekero, ndipo chubu chikaphulika munthu amataya magazi m'kati mpaka kufa ngati sathandizidwa msanga. Choopsa n'chakuti mayi wotseketsa saganizako za mimba, ngakhale wachipatala amene wamulandira akhoza osaiganizira. Choncho mawu awa asasowe: "Tsiku lina mukadzadumphitsa mwezi, n'kumamva kupweteka m'munsi mwa mimba, kudontha magazi mosadziwika bwino, chizungulire kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti, ndinatseketsa koma mundiyeze mimba."

Malizani gawoli ndi chimene opaleshoniyi siichita: siiteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Kondomu ikadali ndi ntchito yake.

7. Yalani njira zina patebulo, kuphatikizapo kukana

Munthu sasankha ngati mwamuonetsa chinthu chimodzi. Muonetseni lupu ya kopa, yomwe imagwira ntchito zaka 10 kapena kuposerapo ndipo imachotsedwa tsiku lililonse. Muonetseni zoika pamkono: Jadelo zaka 5, Impulanoni zaka 3. Njira zimenezi mphamvu yake yoletsa mimba ikufanana ndi kutseketsa, kusiyana kwake n'kwakuti zili ndi khomo lobwererera. Tchulaninso kutseka kwa abambo, komwe ndi kopepuka ndi kosaopsa kuyerekeza ndi kwa amayi, ngakhale kumafuna miyezi itatu kuti kuyambe kudalirika. Ndikudziwa, ambiri amangoseka n'kunena kuti "awo sangayerekeze". Tchulanibe.

Kenaka chiganizo chimene chimasandutsa zonsezi kukhala chilolezo chenicheni: "Mukhoza kukana, kapena kusintha maganizo nthawi iliyonse, ngakhale mutagona kale pabedi la ku fiyeta, bola asanayambe. Mukakana palibe akukalipireni, ndipo chithandizo china chilichonse muzilandira monga kale."

Nanga abambo? Lamulo la dziko lino loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, la chaka cha 2013, limati wazaumoyo apereke chithandizo chakulera posayang'ana kuti munthu ali pabanja kapena ayi, kapena kuti wabwera ndi mwamuna wake kapena ayi. Choncho saini ya mwamuna si chiphaso. Komabe mufunseni mayiyo ngati angakonde kukambirana ndi abambo, ndipo ngati akufuna, aitaneni mudzawafotokozere limodzi. Chinthu chobisa m'banja chimadzaphulika. Koma mayi akati, "Ndikawauza andimenya," mwamva, musaumirire. Kumbali inayo, mwamuna, apongozi kapena amalume akamayankha mafunso onse mayi ali chete kuyang'ana pansi, apempheni mwaulemu atuluke kaye, mumufunse ali yekha.

8. Abwereze yekha m'mawu ake

Funso loti "Mwamva?" lilibe ntchito. Mayi wa kwathu kuno adzayankha kuti "Eya, ndamva anesi" ngakhale mumayankhula Chifalansa, chifukwa kunena kuti sanamve kuli ngati kukunyozani. Mlandu uikeni pa inu: "Ndikufuna ndione ngati ine ndafotokoza bwino. Mukafika kunyumba achemwali anu akakufunsani kuti kuchipatala akakuchita chiyani, mukawauza kuti chiyani?"

Nachi chitsanzo. Tiwatche a Nangozo, zaka 36, ana asanu, mimba yachisanu ndi chimodzi ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, amalima mbatata ya kachewere cha ku Bembeke. Nditamaliza zonse ndinafunsa funso lija.

"Ndikawauza kuti akanditseka kuti ndipume."

Liwu loti "ndipume" linandiimitsa. Wopuma amadzukanso.

"Mupume mpaka liti, mayi?"

"Basi, mpaka thupi libwerere. Kaya zaka zisanu, kaya zingati."

"Zikatha zaka zisanuzo?"

"Aa, pamenepo tidzaona. Abambo amafunabe wamwamuna wachiwiri."

Fomu ndinaibweza m'kabati. Ndinatenganso kachidutswa ka chubu kaja n'kuwapempha kuti akabwezeretse pomwe ndinadula. Anayesa, anaseka, kenaka nkhope inasintha. "Ndiye kuti ndi basi?" Ndinati ndi basi. Anapita kunyumba osadinda. Atabwera ulendo wotsatira wa sikelo anati akufuna lupu akabereka, ndipo zotseketsa adzaziona mwana akayamba kuyenda. M'kaundula wa mwezi umenewo nambala ya otseketsa inachepa ndi mmodzi, ndipo ine sindinadandaule.

Zinthu zinayi zimene ayenera kubweza molondola musanatulutse inki: kuti sadzaberekanso, kuti ndi opaleshoni yocheka ndipo ili ndi zoopsa (atchule ngakhale ziwiri), zizindikiro zoti athamangire kuchipatala, ndi kuti akhoza kukana. Akaphonya chimodzi, fotokozaninso ndi mawu ena, osati omwewo mokweza.

9. Muuzeni za masiku otsatira asanavomere, osati atatuluka ku fiyeta

Izi ndi mbali ya chilolezo, chifukwa zimakhudza ntchito zake. Apume masiku awiri, asanyowetse bala tsiku limodzi kapena awiri, asanyamule zolemera kwa sabata, asagone ndi abambo kwa sabata kapena mpaka ululu utatha, ndipo abwere pakatha masiku 7 kudzaonetsa bala ndi kuchotsa ulusi ngati ndi wochotsa. Mawu oti "zolemera" atanthauzireni: ndowa ya madzi pamutu, mtolo wa nkhuni, thumba la mbatata, kusinja, khasu. Mufunseni kuti sabata imeneyo amutungira madzi ndani. Mayi amene si woyembekezera akhoza kusankha kudikira kuti akolole kaye, ndipo ndi ufulu wake, bola muonetsetse kuti ali pa njira ina pakadali pano ndipo pa tsikulo alibe pakati.

10. Dindani, ndipo lembani momwe munafotokozera

Ngati fomu ili m'Chingerezi, imasulireni mzere ndi mzere mokweza, musangoti "apa akuti mwavomera". Wodziwa kulemba asaine, wosadziwa adinde chala, mboni yake isaine pambali, inunso musaine ndi kulemba tsiku. Lamulo la 2013 lija limafuna chilolezo cholembedwa, komanso limafuna kuti mulembe momwe uthengawo unaperekedwera ndi ngati munthuyo anaumvetsa. Mizere itatu yakwana: kuti mwafotokoza m'Chichewa pogwiritsa ntchito chithunzi, kuti njira zina mwazionetsa, ndi mawu enieni amene iye anabweza, monga "akuti akudziwa kuti sadzaberekanso ngakhale atakwatiwanso".

Pa tsiku la opaleshoni mufunseninso kamodzi, asanalandire mankhwala aliwonse: "Mayi, maganizo aja akadali omwewo?" Fomu ya miyezi iwiri yapitayo siiyankha funso limeneli.

Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kutenga phunziro la pagulu ngati chilolezo. Nyimbo ndi phunziro la mmawa pa sikelo, kapena la tsiku limene gulu lotseketsa labwera pachipatala chaching'ono, ndi poyambira chabe. Aliyense ayenera mphindi zake payekha, ngakhale galimoto ikudikira panja.

Kuchepetsa ndi "ka". "Ndi kaopaleshoni kakang'ono, kongotsina" ndi mawu okoma, koma m'mimba mukulowedwa ndithu. Nenani kuti bala ndi laling'ono, osati kuti nkhaniyo ndi yaing'ono.

Kuphatikiza zilolezo ziwiri pa mpweya umodzi. Mayi akupita ku opaleshoni yobereka mwadzidzidzi, wina n'kuponyapo kuti "tikutsekeranitu konko, eti?" Kuvomera kuti mwana atuluke si kuvomera kutseketsa. Ngati sizinakambidwe ku sikelo, zidikire.

Kulola gadiyani kudinda m'malo mwa mayi amene ali bwinobwino. Gadiyani ndi wophika phala ndi kuchapa, mwinanso mboni. Thupi si lake.

Kuweruza. "Ana asanu ndi atatu, simukuchita manyazi?" Kapena kuuza mayi amene ali ndi HIV, wolumala, kapena wosauka kuti iyeyo ndiye ayenera kutseketsa. Mayi amene akumwa ma ARV mokhulupirika akhoza kubereka mwana wopanda kachilombo, ndipo chisankho chake n'chofanana ndi cha wina aliyense.

Kugwiritsa ntchito mwana wake kapena mwamuna wake ngati womasulira. Kumadera a kunyanja monga ku Mtakataka mudzakumana ndi amayi amene Chiyao ndiye chimawayendera bwino. Funani mnzanu wa ntchito wodziwa chiyankhulocho. Mwana sangamasulire mayi ake nkhani za kuchipinda, ndipo mwamuna amamasulira zimene iye akufuna.

Kulemba fomu yatsopano osaiyesa. Ngati mwapatsidwa ntchito yomasulira kapena kukonza mawu a chilolezo pachipatala panu, musawatumize kukasindikiza musanawawerengere anthu atatu kapena anayi osakhala achipatala: mayi wokolopa, mlonda, gadiyani wa ku chitando chodikirira. Werengani chiganizo chimodzi, mufunse kuti chikutanthauzanji. Pomwe awiri apereka matanthauzo osiyana, chiganizocho chilembedwenso. Ife titayesa choncho, mawu oti "njira yokhazikika" mlonda anati ndi njira yosavutitsa m'thupi, wokolopa anati ndi njira yovomerezeka ndi boma. Tinawafufuta n'kulemba kuti "simudzaberekanso".